Jenereta kapena sola? Yambani mwabweza ndalama zonse ku lero

Magetsi akathima mumsika wa Lilongwe simuchita kufunsa munthu. Nyimbo zimadukira pakati, kenaka pakapita mphindi ziwiri zitatu timajenereta timayamba kutsokomola, kamodzikamodzi, kuyambira mumsewu wa Malangalanga mpaka kumunsi kumtsinje. Ometa, okonza mafoni, otchaja mafoni, oika nyimbo m'mamemore, onsewa sangakhale pansi n'kumadikira ESCOM pamene kasitomala ali pampando, mutu wometedwa mbali imodzi. Amene alibe jenereta ali ndi panelo ya sola padenga, batire pansi pa benchi, ndi inveta yomwe ikuwala katochi kobiriwira pakona.

Sabata ino ndikufuna tikambirane za kusankha pakati pa ziwirizi, makamaka inu amene mukufuna kutsegula malo ometera kapena kabenchi kokonzera mafoni. Chomwe chimandisangalatsa pa nkhaniyi n'chakuti palibe chimodzi mwa ziwirizi chomwe chimakupatsani ndalama. Kasitomala salipira zambiri chifukwa makina omumetera akuyendera dzuwa, salipiranso zochepa chifukwa akuyendera petulo. Kumeta ndi komweko, mtengo ndi womwewo. Ndalama zolowa ndi chimodzimodzi mbali zonse, ndiye tingathe kuziika pambali osaziwerenga n'komwe. Chatsala ndi zotuluka zokhazokha, ndipo funso ndi limodzi: ndi njira iti yomwe idye zochepa m'thumba mwanga?

Tiyeni titenge wometa mmodzi. Ali ndi makina ometera awiri, mababu atatu, kasipika ka nyimbo ndi malo otchajira mafoni a makasitomala. Mitengo yomwe ndiikepoyi ndi yachitsanzo, yoti tionere njira. Inu mukafunse yeniyeni m'mashopu a ku Old Town tsiku lomwe mukuwerenga, chifukwa kuno mtengo wa Lolemba sufika Lachisanu.

Jenereta yaing'ono ya petulo tinene kuti ndi K500,000. Imamwa malita 15 pamwezi, ndipo pa K3,500 pa lita ndi K52,500. Onjezanipo oilo, pulagi ndi ya mekaniki, K7,500, zikukwana K60,000 pamwezi, kapena K720,000 pachaka. Mukaisamala ikhoza kukufikitsani zaka zinayi.

Sola, ndiye kuti mapanelo, inveta, batire, mawaya ndi ya wolumikiza, tinene K2,200,000. Simugula petulo. Koma batire wamba yomwe ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku imatopa, ndipo pakutha pa chaka chachiwiri mudzafunika ina, yomwe lero ili pa K600,000.

Mumsika muno anthu amaweruza mlanduwu m'njira ziwiri. Ena amayang'ana mtengo wapashelefu basi: jenereta K500,000, sola K2,200,000, nkhani yatha, "tengani jenereta, achimwene, yatsalayo mukaode katundu." Ena, amene amadzitcha oona patali, amaphatikiza zonse za zaka zinayi. Jenereta ndi petulo wake ikukwana K3,380,000, sola ndi batire yachiwiri K2,800,000, ndiye amati sola yapambana ndi K580,000. Gulu loyamba latenga ndalama za mawa ngati kulibeko. Gulu lachiwiri latenga kwacha yomwe mudzalipire patapita zaka zinayi ngati ikulemera chimodzimodzi ndi kwacha yomwe mukutulutsa m'mawa uno. Onse aphonya, ndipo aphonyera pa chinthu chimodzi, nthawi.

Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anakongolapo. Tiyerekeze kuti ndili ndi ngongole ya K130,000 yoti ndibweze chaka chamawa mwezi ngati uno, ndipo pali malo omwe ndalama ikagona chaka imabereka 30 peresenti. Ndikufunika kuika zingati lero kuti ngongoleyo idzadzibweze yokha? K100,000. Ndiye kuti K130,000 ya chaka chamawa, kwa ine, ndi K100,000 ya lero. Ndaipeza pogawa 130,000 ndi 1.3. Ikanakhala ya zaka ziwiri kutsogolo ndikanagawa ndi 1.3 kawiri, zomwe ndi chimodzimodzi kugawa ndi 1.69. Ya zaka zitatu, katatu. Ndalama ikakhala patali imachepa mukaibweretsa ku lero, ngati mmene phiri la Nkhoma limaonekera laling'ono muli pamsewu wa M1.

Njira yonse yagona pamenepa. Ndalama iliyonse yomwe mudzatulutse mtsogolo muibweze ku mtengo wake wa lero, muphatikize, kenaka muyerekeze. Njira yomwe chiwerengero chake chachepa ndiyo yotchipa. Mwa kunena kwina, mukudzifunsa kuti: nditati ndiike pambali ndalama lero yoti ilipire zonse za jenereta kwa zaka zinayi, ingakhale zingati? Nanga ya sola?

Tisanagawe chilichonse, pali funso lomwe Mmalawi sangalidumphe. Kodi petulo wa chaka chamawa adzakhala pa mtengo wa lero? Kumayambiriro kwa Novembala 2023 lita imodzi inali K1,746. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mwezi womwewo, bungwe la MERA linakweza mtengo kufika K2,530. Mu Okutobala 2025 unafika K3,499. M'zaka ziwiri zokha mtengo unawirikiza. Batire nayonso imachokera kunja, imagulidwa ndi madola, ndipo kwacha ikagwa imakwera tsiku lomwelo. M'zaka za 2023, 2024 ndi 2025 mitengo ya zinthu m'dziko muno imakwera ndi zoposa 25 peresenti pachaka. Ndiye tiyeni titenge 25 peresenti ngati mlingo wa kukwera kwa petulo ndi batire, ndipo 30 peresenti ikhale mtengo wa ndalama, monga wa munthu yemwe wakongola kubanki. Banki Yaikulu ya Reserve, ija ili ku City Centre, inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo munthu wamba akamakongola kumabanki a malonda sizachilendo kumva 30 kapena kupitirira.

Tiyambe ndi jenereta. K500,000 yogulira mukulipira lero, ndiye siigawidwa, ikhala momwemo. Zoyendetsera za chaka choyamba, K720,000 ija itakwera ndi 25 peresenti, ndi K900,000. Tikagawa ndi 1.3 ikubwera pa K692,000. Chaka chachiwiri zakweranso kufika K1,125,000, ndipo tikagawa ndi 1.69 ndi K666,000. Chaka chachitatu ndi K1,406,250, kugawa ndi 2.197, K640,000. Chaka chachinayi ndi pafupifupi K1,758,000, chiwerengero choopsa mukachiona chokha, koma tikachigawa ndi 2.856 chikutsikira pa K615,000. Zinayizi pamodzi ndi K2,613,000. Kuphatikiza ndi yogulira ija, jenereta ikudya K3,113,000 ya lero.

Sola ndi yachidule. K2,200,000 ndi ya lero. Batire ya K600,000 ikakwera kawiri ndi 25 peresenti idzakhala K937,500, ndipo tikagawa ndi 1.69 ndi K555,000. Pamodzi K2,755,000.

Kwa wometa ameneyu, pa mitengo imeneyi, sola yatchipa ndi pafupifupi K360,000. Yapambana ndithu, koma osati ndi K580,000 monga ankanenera oona patali aja. Ndipo K360,000 pa zinthu za mamiliyoni atatu si mpata waukulu. Mphepo pang'ono ingathe kuutseka, monga tione posachedwa.

Ngati muli ndi Google Sheets kapena Excel pafoni, simufunika kugawa chimodzichimodzi. Lembani izi m'mabokosi awiri:

```
=500000+NPV(0.3,900000,1125000,1406250,1757813)
=2200000+NPV(0.3,0,937500)
```

Onetsetsani zinthu ziwiri. `NPV` imatenga ndalama yoyamba yomwe mwaipatsa pambuyo pa 0.3 ngati ya kumapeto kwa chaka choyamba, n'chifukwa chake ndalama yogulira ndaisiya kunja, kutsogolo kwa chizindikiro chophatikiza. Mukailowetsa mkati nayonso igawidwa, ndipo sola ioneka yotchipa kuposa mmene ilili. Chachiwiri ndi 0 uja mu mzere wa sola. Akuimira chaka choyamba, chomwe simulipira kanthu. Mukamuchotsa, foni iganiza kuti batire mugula chaka chamawa.

Tsopano dzenje lomwe ambiri amagweramo, ngakhale amene anaphunzira izi kukoleji. Amatenga chiwongoladzanja cha kubanki, 30 peresenti, koma mitengo ya petulo n'kuisiya pa K720,000 zaka zonse zinayi, ngati kuti MERA yapita kutchuthi. Mukawerenga choncho jenereta ikutuluka K2,060,000 ndipo sola K2,555,000. Yankho latembenuka, jenereta yaoneka yotchipa ndi pafupifupi theka la miliyoni. Masamu ake ndi olondola bwinobwino, cholakwika ndi zomwe zalowetsedwamo. Mu 30 peresenti ya banki muja muli kale kukwera kwa mitengo. Banki imafuna zochuluka choncho chifukwa ikudziwa kuti kwacha yomwe mudzabweze idzakhala yopepuka. Ndiye simungatenge kukwera kwa mitengo mbali yogawira n'kukusiya mbali ya petulo. Mukatero mwalanga njira yomwe imalipira patsogolo ndipo mwakondera yomwe imalipira pang'onopang'ono.

Mungadziwe bwanji kuti mwagwera m'dzenjeli? Yang'anani mzere wa zolipira zanu. Ngati nambala ndi yomweyomweyo chaka ndi chaka, koma mukugawa ndi 1.3, imani kaye. Mwina mukweze mitengo monga tachitira pamwambapa, kapena muisiye pa mtengo wa lero koma mugawe ndi chiwongoladzanja chomwe chachotsedwa kukwera kwa mitengo. Chimenechi mumachipeza pogawa 1.30 ndi 1.25, zomwe zikupereka 1.04. Inde, 4 peresenti yokha. Yesani K720,000 kugawa ndi 1.04, mupeza K692,000 yomwe ija. Njira ziwirizi zimafika pakhomo limodzi. Chosaloledwa ndi kuyenda mwendo wina uku, wina uko.

Apa ndiye pafika nkhani yomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi yomwe imasiyanitsa anthu. Kodi 30 peresenti ija ndi ya ndani? Ndinaitenga ngati ya munthu yemwe banki yamukongoza. Koma ndi ometa angati mumsika wa Lilongwe omwe banki inawakongozapo? Nambala yogawira simaitenga m'nyuzipepala. Imachokera pa moyo wanu: ngati ndalama yogulira mukongola, ndi chiwongoladzanja chomwe mulipire, ngati ndi yanu, ndi phindu lomwe ikanabereka mukanaigwiritsa ntchito ina. Kusiyana kwa mitengo yogulira pano ndi K1,700,000. Funso ndi lakuti ndalama imeneyi ikuchokera kuti, ndipo ikanakhala ikuchita chiyani.

Taganizani wometa yemwe mkazi wake amagulitsa kaunjika kumsika wa Tsoka, kutsidya kwa timilatho tamitengo tija. Ndalama ya banja ndi imodzi. K1,700,000 ikalowa m'mabelo, tinene kuti atachotsa zonse, ndi mabelo oipa omwe, imabereka 5 peresenti pamwezi. Zikumveka zochepa, koma zikamabwerera mu mpamba mwezi ndi mwezi, pachaka zimayandikira 80 peresenti. Kwa banja limeneli chogawira ndi 1.8. Sinthani 0.3 uja m'mizere iwiri ija akhale 0.8, muone: jenereta K1,756,000, sola K2,489,000. Jenereta yatchipa ndi zoposa K700,000. Petulo ndi yemweyo, dzuwa ndi lomwelo, koma yankho lasintha chifukwa kwa anthu amenewa kumangirira ndalama padenga n'kodula kwambiri. Petulo wa zaka zikubwerazo adzalipiridwa ndi phindu la mabelo, n'kutsalako.

Za banki mkhonde yokongoza pa 10 kapena 20 peresenti pamwezi, kapena katapila, sindichita kuwerengera. 10 peresenti pamwezi ikaunjikana chaka chonse imapitirira 200 peresenti. Palibe panelo yomwe ingabweze zimenezo.

Kenaka tembenukirani mbali ina ya mzinda. Mayi wina wapantchito ku City Centre, wokhala ku Area 47, akufuna kutsegulira mng'ono wake malo ometera omwewa. Ndalama yake ili phee mu akaunti, tinene ikubereka 10 peresenti pachaka pamene mitengo ikukwera ndi 25. Ndalama yotere ikusungunuka ngati ayisi pa dzuwa la Okutobala. Kwa iye chogawira ndi 1.1, ndipo jenereta ikutuluka K4,505,000, sola K2,975,000. Sola yatchipa ndi miliyoni imodzi ndi theka. Kwa mayi ameneyu kugula panelo lero ndi njira yothawitsira ndalama.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona chifukwa chomwe madenga a ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 adzadza mapanelo pamene ku Old Town kukulirabe majenereta. Anthu amakonda kunena kuti a mumsika saona patali. Sindigwirizana nazo. Wogulitsa yemwe mpamba wake umazungulira kangapo pamwezi akasankha chotchipa lero, nthawi zambiri wawerenga bwino, kungoti wawerengera m'mutu. Ndipo wa kumayadi akagula sola sikuti ndi wanzeru kuposa mnzake, ndalama yake ndiyo ilibe kothawira kwabwino.

Ndiye malire ali pati? Pa chitsanzo chathuchi ali pafupi ndi 40 peresenti. Mukaika 0.4, jenereta ikutuluka K2,687,000 ndipo sola K2,678,000, kusiyana kwake sikukwana ndi malita atatu omwe a petulo. Nambala imeneyi ndi yothandiza kuposa mayankho onse aja, chifukwa anthu ambiri sadziwa bwinobwino kuti ndalama yawo imabereka zingati, koma amatha kunena ngati ili pamwamba kapena pansi pa 40. Ili pansi, sola. Ili pamwamba, jenereta. Pofuna kupeza malire anu, muzingosintha 0.3 uja m'mizere yonse iwiri mpaka mayankho atayandikana. Ndi ntchito ya mphindi zisanu muli mu minibasi yodikira kudzadza pa depoti.

Mawu amodzi kwa amene ndalama ya sola alibiretu ndipo palibe womukongoza: masamuwa sakuuzani kuti mulakwa pogula jenereta. Amayerekeza njira zomwe zilipo kwa inu. Koma ngati wogulitsa akulola kulipira pang'onopang'ono, musachite mantha ndi chiwerengero chonse chomwe akutchula, kapena kukopeka ndi kuchepa kwa ya pamwezi. Ndalama zimenezonso muzibweze ku lero, monga tachitira ndi petulo, kenaka muyerekeze.

Chinthu chachiwiri chomwe chimagwedeza yankho ndi malita 15 aja. Ndinawatchula ngati ndi odziwika, koma zoona zake amadalira mtsinje wa Shire. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo majenereta ankalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nthawi zina pamapita masabata magetsi osavuta kwenikweni. Sola mwalipira kale, kaya magetsi athime kaya asathime. Jenereta imadya pokhapokha ikalira. Wometa wathu atamagwiritsa malita 10 pamwezi m'malo mwa 15, pa 30 peresenti yomwe ija, jenereta ikutsikira pa K2,351,000 ndipo yapambana sola ndi K400,000. Malire ali pakati pa malita 12 ndi 13. Taonani kuchepa kwa mpata: malita atatu okha pamwezi akutembenuza chisankho cha mamiliyoni.

N'chifukwa chake nambala imeneyi siyofunika kuilota. Ngati muli kale ndi jenereta, kapena mnzanu woyandikana naye benchi ali nayo, lembani m'kope lita iliyonse kwa miyezi iwiri itatu, ndipo mufunse akale pamalopo kuti miyezi yovuta imakhala iti. Mulembenso mtengo womwe mwaguliradi, osati wa pachikwangwani cha pafilingi siteshoni. Kumapeto kwa 2024 mizere ya mafuta mu Lilongwe inkagona usiku wonse, ndipo wometa sangatseke shopu tsiku lonse kukaima pamzere ndi chigubu. Amagula kwa a zigubu m'mbali mwa msewu, pamtengo womwe iwo anena. Ngati mwa miyezi khumi ndi iwiri, iwiri mumagula motero, zilowe m'masamu. Mbali inayo, ngati sola yanu ili ndi mphamvu zoyendetsa shopu tsiku lonse ngakhale magetsi alipo, ndiye kuti mayunitsi a ESCOM omwe wa jenereta azigulabe ndi ndalama yoti muiwonjezere mbali ya jenereta.

Pali zinthu zina ziwiri zoti zikhale bwino musanakhulupirire yankho, ndipo zonse ndi za kuyerekeza zinthu zofanana. Choyamba, ntchito ikhale imodzimodzi. Tinataya ndalama zolowa pachiyambi paja chifukwa tinati njira zonse zimameta mitu yofanana. Ngati sola yomwe akukugulitsani imafooka ikamakwana 4 koloko masana m'miyezi ya mitambo, Januwale ndi Febuluwale, pamene makasitomala ambiri amabwera akaweruka, ndiye kuti si ntchito imodzimodzi. Muwerengere sola yokulirapo yomwe ingafike madzulo, kapena muike m'masamu mitu yomwe mudzabweze. Kwa wowotcherera zitsulo kapena wa saluni wokhala ndi madiraya, sola ya mtengo uwu siyambako n'komwe, ndipo funso lake ndi lina.

Chachiwiri, zaka zikhale zofanana. Ndinati jenereta ikhala zaka zinayi. Ngati mekaniki wanu, amene amazitsegula tsiku ndi tsiku, akuti mtundu umenewo sudutsa zaka ziwiri, musayerekeze zaka ziwiri za jenereta ndi zinayi za sola. Ikanimo jenereta yachiwiri pakutha pa chaka chachiwiri, pamtengo wa nthawiyo, monga tinachitira ndi batire. K500,000 itakwera kawiri ndi K781,250, ndipo ku lero ndi K462,000 yowonjezera mbali ya jenereta. Zakanso zikhale zomwe mukuyembekeza kukhaladi pamalopo. Mabenchi ambiri mumsika ndi a lendi, denga ndi la eni ake, ndipo si landilodi aliyense amene angalole kuti mukhomepo panelo. Jenereta mumainyamula madzulo n'kupita nayo kunyumba. Panelo imagona kumsika, komwe akuba ndi moto si nkhani zachilendo, ndiye ngati mukulipira mlonda chifukwa cha iyo, nayonso ndi ndalama yotuluka.

Ndasiya dala chinthu chimodzi mpaka pano, kuti masamu asachuluke. Pakutha pa zaka zinayi jenereta yaing'ono imakhala yatha, yongoyenera kwa ogula zitsulo zakale. Mapanelo ayi. Panelo yabwino imatha kugwira ntchito zaka makumi awiri, ndipo inveta ikhoza kukhala ikadali moyo. Zimenezi zili ndi mtengo, ndipo njira yoziwerengera ndi yomweyi, kungoti m'malo mophatikiza mumachotsera. Tinene kuti nthawi imeneyo mungazigulitse K1,000,000. Pa 30 peresenti, kugawa ndi 2.856, ndi K350,000 ya lero, ndipo sola ikutsika kuchoka pa K2,755,000 kufika K2,405,000. Mpata wake pa jenereta wawirikiza, wafika K700,000, ndipo malire a 40 peresenti aja asunthira m'mwamba pang'ono. Koma kwa banja la kaunjika lija, miliyoni ya zaka zinayi kutsogolo ndi K95,000 yokha ya lero, yosakwana kusintha kanthu.

Pa mtengo wogulitsira umenewu musadzikomere mtima. Pitani kwa amene amagulitsa mapanelo ogwiritsidwa kale ntchito, mufunse kuti ya zaka zinayi, ya kukula ngati yanuyo, amagula zingati kwa munthu wobwera nayo yekha. Mtengo womwe iwo amagulira, osati womwe amagulitsira, ndi umene mulembe m'kope.